Bilu ya madzi yongoyerekeza: yambani mwawerenga mita musanapite kukadandaula

Banja limene mwezi ndi mwezi limalipira ndalama zosasiyana kwenikweni pa madzi likalandira bilu yokwera kasanu kapena kasanu n'kawiri, kawirikawiri limachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amathamangira ku ofesi ya bungwe logulitsa madzi atanyamula bilu ndi mkwiyo basi, ndipo amabwerako atauzidwa kuti alipire kaye nkhaniyo iunikidwa pambuyo. Ena amaipinda biluyo n'kuiika m'kabati, kufikira tsiku limene odula madzi agogoda pageti. Magulu awiri onsewa amasiya m'mbuyo mboni imene ikanawathandiza kuposa wina aliyense, yomwe ndi mita ya pakhomo pawo.

M'dziko muno muli mabungwe asanu ogulitsa madzi a m'mipopi, omwe amagwira ntchito motsatira lamulo la chaka cha 1995. Awa ndi Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board, komanso mabungwe a m'zigawo zitatu: Northern Region, Central Region ndi Southern Region Water Board. Kwa kasitomala amene amalipira atagwiritsa kale ntchito madzi, ndondomeko yake ndi yakuti wowerenga mita afike pakhomo mwezi uliwonse, alembe nambala yomwe waiona, ndipo bungwe lichotsere nambala ya mwezi watha pa nambala yatsopanoyo. Zotsalazo ndiwo mayunitsi amene mumalipira.

Koma si mwezi uliwonse umene wowerengayo amaiona mita. Geti limakhala lokhoma eni ake ali kuntchito, pakhomo pamakhala agalu olusa, mita imakwiririka ndi mchenga m'nyengo ya mvula, galasi lake limachita nthunzi m'kati, kapena mitayo imangoima osayendanso. Zikatero bungwe silisiya kutumiza bilu. Limaika nambala yongoyerekeza, yomwe nthawi zambiri imachokera pa momwe pakhomopo pankagwiritsidwira ntchito madzi m'miyezi ya m'mbuyo. Kuyerekezako pakokha si mlandu. Vuto limabwera ngati miyezi yomwe atengerapo chitsanzo inali yachilendo, monga pamene panali maliro kapena chinkhoswe, pamene munkamanga mpanda, pamene paipi inaphulika, kapena pamene m'nyumbamo munkakhala banja lina lalikulu kuposa lanu.

Chomwe mita imanena

Mita zambiri za m'nyumba zili ndi manambala a mitundu iwiri. Akuda amawerenga mayunitsi athunthu, ndipo yuniti imodzi ndi malita 1,000. Madzi amenewa ndi migolo isanu ya malita 200, kapena zigubu 50 za malita 20. Manambala ofiira, kapena timivi tofiira tozungulira, amawerenga malita amene sanakwane yuniti. Bilu imawerengedwa kuchokera pa manambala akuda okha.

Pali mfundo imodzi imene nkhani yonseyi yatsamirapo: mita yoikidwa bwino imapita kutsogolo kokhakokha. Choncho nambala imene mungaione lero iyenera kukhala yofanana kapena yokulirapo kuposa nambala yomaliza yolembedwa pa bilu. Ikakhala yocheperapo, ndiye kuti bilu ikukulipitsani madzi amene sanadutsebe pamita yanu.

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi limene limagwiritsa ntchito mayunitsi pafupifupi 15 pamwezi. Pa 10 Malichi wowerenga mita adafika n'kulemba 1240. Mu Epulo adapeza geti lokhoma, ndipo bilu idabwera ndi nambala yongoyerekeza ya 1255, kutanthauza mayunitsi 15 monga mwa nthawi zonse. Palibe adadandaula. Koma bilu ya pa 10 Meyi ikusonyeza kuti mita yachoka pa 1255 kufika pa 1325, omwe ndi mayunitsi 70.

Pa 15 Meyi mwini nyumba akupukuta galasi la mita n'kupeza manambala akuda akunena 1273. Patapita masiku asanu bilu italembedwa, mita idakali mayunitsi 52 kumbuyo kwa nambala ya pa bilu. Apa mkangano watha kale, chatsala n'kuwerengera chomwe banjali liyenera kulipira. Nambala yodalirika yomaliza ndi 1240 ya pa 10 Malichi, popeza ndiyo idaonedwa ndi maso. Kuchokera tsiku limenelo kufika pa 15 Meyi ndi masiku 66, ndipo mita yayenda mayunitsi 33. Ndiye kuti banjali limagwiritsa ntchito theka la yuniti patsiku, malita 500, zomwe zikufanana ndendende ndi mayunitsi 15 a pamwezi aja. Pa 10 Meyi mita inali cha pa 1270. Bilu ya Meyi imayenera kukhala ya mayunitsi pafupifupi 15, ndipo mayunitsi 55 ndi oonjezera.

Pamenepa kasitomala akhoza kumva mawu akuti angolipira, zidzadzikonza zokha mita ikadzafika pa nambalayo. Mawuwa ali ndi choona pang'ono, chifukwa mita idzafikadi pa 1325, ngakhale kuti kwa banja limeneli zidzatenga miyezi itatu ndi theka. Koma akubisa mbali yofunika. Mitengo ya madzi a m'nyumba imakwera ngati masitepe: mayunitsi oyambirira a mwezi ndi otsika mtengo, otsatira ake amakwererapo, ndipo opitirira malire ena ake amadula kwambiri. Cholinga chake n'chakuti madzi akumwa ndi kuphikira asadule, koma wothirira kapinga alipire zambiri. Mayunitsi a miyezi ingapo akaunjikidwa pa bilu imodzi, ambiri mwa iwo amagwera pa sitepe yodulayo.

Pofuna kuona kukula kwake, tiike mitengo yongopeka yosavuta kuwerengera, pakuti mitengo yeniyeni imasiyana bungwe ndi bungwe ndiponso imasintha. Tinene kuti mayunitsi 10 oyamba ndi K1,000 iliyonse, 20 otsatira ndi K1,500, ndipo opitirira 30 ndi K2,000, osaphatikizapo msonkho ndi ndalama zina za pamwezi. Mayunitsi 15 akhala K17,500. Mayunitsi 70 a mwezi umodzi akhala K120,000. Koma mayunitsi 70 omwewo atagwiritsidwa ntchito mwa nthawi zonse, 15 pamwezi kwa miyezi inayi ndi 10 otsala mwezi wachisanu, akhala K80,000. Kusiyana kwake ndi K40,000, ndipo ndalama imeneyi sibwerera yokha mita ikafika pa 1325. Imabwerera pokhapokha bilu yolakwikayo itafafanizidwa n'kuwerengedwanso. N'chifukwa chake chofunika kupempha ku ofesi ndicho kukonza bilu, osati kungolonjezedwa kuti miyezi ikubwerayi mudzalipira zochepa.

Musanachoke pamitapo, yang'anani zinthu zina ziwiri. Choyamba ndi nambala ya mita yeniyeniyo, yomwe imadindidwa pathupi pake kapena pachivundikiro. Ifanizeni ndi nambala ya mita yolembedwa pa bilu. M'malo okhala nyumba zambiri za lendi mumpanda umodzi, momwe mamita amandandalikidwa pamzere umodzi pafupi ndi geti, n'zosavuta kuti nambala ya nyumba yoyandikana nayo ilembedwe pa akaunti yanu. Chachiwiri ndi manambala ofiira aja. Wowerenga akaphatikiza nambala imodzi yofiira kwa akudawo, 1273 imasanduka 12734, ndipo bilu yake imakhala yoti ngakhale fakitale ingadabwe nayo. Cholakwa chotere chimadziwika msanga, chifukwa manambala oyambirira amafanana ndi a pamita, kungoti kumapeto kwaonjezereka imodzi.

Ngati mita ikugwirizana ndi bilu

Nkhani imavuta pamene mwawerenga mita n'kupeza kuti nambala yake ikufanana ndi ya pa bilu, kapena yapitirira pang'ono. Apa mita ikunena kuti madziwo adadutsadi. Funso latsala ndi lakuti adadutsa liti, ndipo adapita kuti.

Tulutsani mabilu a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi ndipo muone mayunitsi a mwezi uliwonse. Palibe banja limene limagwiritsa ntchito madzi ofanana ndendende mwezi ndi mwezi. Mukaona 10, 10, 10, 10 kenaka 60, dziwani kuti miyezi inayi ija inali yongoyerekeza, ndipo kuyerekezako kunali kotsika. Banjalo lagwiritsa ntchito mayunitsi 100 m'miyezi isanu, omwe ndi 20 pamwezi, koma limalipitsidwa theka lokha. Tsiku limene wowerenga mita adalowa mumpanda, zotsala zonse zidagwera pa bilu imodzi.

Pamenepa chilungamo chili mbali ziwiri. Madziwo mudagwiritsadi ntchito ndipo muyenera kuwalipira. Kukana zimenezi n'kutaya nthawi. Koma simudawagwiritse ntchito mwezi umodzi. Pa mitengo yathu yongopeka ija, mayunitsi 20 pamwezi kwa miyezi isanu ndi K125,000, pamene mabilu anayi a mayunitsi 10 ndi imodzi ya mayunitsi 60 akukwana K140,000. Pempho loyenera ndi lakuti mayunitsiwo agawidwe mofanana m'miyezi yonse kuchokera pa tsiku lomaliza limene mita idawerengedwadi, ndipo ngongole yotsalayo ilipidwe pang'onopang'ono.

Ngati mabilu akale akuoneka kuti adawerengedwa bwinobwino, kayikirani kudontha. Anthu ambiri amapeputsa kuchuluka kwa madzi otayika mwa njira imeneyi. Paipi yotaya lita imodzi pa mphindi imataya malita 1,440 patsiku, omwe ndi mayunitsi 43 pamwezi, pafupifupi katatu madzi onse a banja lathu lija. Ndipo lita imodzi pa mphindi si chigumula ayi. Ndi kamtsinje kakang'ono koti pansi pa nthaka, kapena m'chimbudzi cha madzi, munthu sangakaone.

Kuyesa kwake n'kosavuta, koma kumafuna tsiku limene madzi akutuluka. Usiku anthu onse akamaliza kusamba, tsekani mipopi yonse, tsekaninso paipi yopita ku thanki ngati muli nayo, ndipo lembani manambala onse a pamita, akuda ndi ofiira omwe. Pasapezeke wogwiritsa ntchito madzi kufikira m'mawa. Mukadzuka werenganinso. Ngati manambala ofiira ayenda, penapake pakudontha. Mita zambiri zilinso ndi kagudumu kakang'ono kooneka ngati nyenyezi, komwe kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono kwambiri. Kakamayenda mipopi yonse ili yotseka, simufunikanso kudikira kuti kuche.

Malo oyamba kukayang'ana ndi kathanki ka m'chimbudzi. Kampira kake koyandama kakatha, kapena labala wa pansi akalimba, madzi amatsetserekera m'mbale usana ndi usiku mwakachetechete. Thirani madontho a utoto wa m'zakudya m'kathankiko ndipo mudikire theka la ola osagujumula. Mtunduwo ukaoneka m'mbale, mwampeza wakuba. Kenaka onani ngati thanki ya pamwamba kapena giza zikusefukira usiku, nthawi imene mphamvu ya madzi imakula chifukwa ogwiritsa ntchito achepa. Pomaliza tsatirani njira ya paipi kuchokera pamita kufika panyumba. Malo amene udzu uli wobiriwira mu Okutobala, kapena khoma lonyowa m'munsi, amakhala akuulula paipi yoboola.

Chowawa n'chakuti malire a udindo ali pamita. Paipi yoboola madzi asanafike pamita ndi ya bungwe, ndipo madzi otayika pamenepo salowa mu bilu yanu. Kudontha kulikonse kwa mbali ya kunyumba ndi kwanu. Chomwe mungachite n'kuitana pulambala msanga, kusunga lisiti lake, n'kukapempha kulipira m'magawo. Kumeneku n'kupempha chifundo, si kutsutsa bilu, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa polankhula ndi a ku ofesi.

Nanga mita ikamanama? Ambiri amafulumira kuiloza chala, koma mita yakale kawirikawiri imawerenga mochepera, osati mopitirira, popeza ziwalo zake zikatha zimayenda mwaulesi. Mukhoza kuiyesa nokha. Lembani manambala ofiira, dzazani chigubu cha malita 20 kasanu, ndipo muwerengenso. Mita iyenera kuyenda malita pafupifupi 100. Ikasonyeza 97 kapena 104 palibe nkhani, pakuti chigubu si muyeso wa mu labotale, ndiponso kusiyana kotere sikungakweze bilu kasanu. Ikasonyeza 150 kapena 200, muli ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuti bungwe liichotse n'kukaiyesa. Funsiranitu ngati kuyesako kuli ndi ndalama yolipira, komanso ngati imabwezedwa mita ikapezeka yolakwa.

Palinso mpweya. M'madera momwe madzi amasiya kawirikawiri, mapaipi amadzaza mpweya, ndipo madzi akamabwerera amaukankha kudzera pamita, yomwe imatha kuuwerenga ngati madzi. Izi zimachitikadi, makamaka pamene mpopi wasiyidwa wotsegula kudikira madzi. Koma n'zovuta kupereka umboni wake, ndipo sizifotokoza bilu ya mayunitsi 70. Kutseka mipopi ndi chotsekera cha pafupi ndi mita madzi akasiya kumachepetsako vutoli. Mpopi wosiyidwa wotsegula umatayanso madzi enieni akabwera pakati pa usiku onse ali mtulo.

Ku ofesi

Dandaulo la pakamwa limathera pawindo pomwepo. Lembani kalata yaifupi. Muikemo dzina limene lili pa akaunti, nambala ya akaunti, nambala ya mita, tsiku ndi nambala yomaliza imene mukukhulupirira kuti idawerengedwadi, nambala ya pa bilu yomwe mukuitsutsa, ndi nambala yomwe mwawerenga nokha pamodzi ndi tsiku lake. Kwa banja lathu lija, mtima wa kalatayo ndi mizere iwiri yokha: bilu ya pa 10 Meyi ikuti 1325, koma pa 15 Meyi mita ikusonyeza 1273, tikupempha kuti mubwere mudzawerengenso, mufafanize biluyi ndi kutipatsa ina. Phatikizanipo chithunzi cha mita chojambulidwa pafoni, choonetsa bwino manambala akuda ndi nambala ya mitayo pa chithunzi chimodzi, komanso mabilu ndi malisiti a miyezi yapitayi.

Pitani ndi makope awiri a kalatayo. Imodzi isiyeni, inayo akudindireni tsiku limene ailandira, ndipo mufunse nambala ya dandaulo lanu. Funsaninso mwachindunji ngati nambala ya pa bilu idachokera kwa wowerenga mita kapena ndi yongoyerekeza, ndiponso tsiku lomaliza limene mita yanu idawerengedwa. Mayankho a mafunso awiriwa amapezeka pa akaunti yanu.

Pa nkhani ya kulipira, kukaniratu kupereka kalikonse ndi njira yachidule yodulitsira madzi. Kudandaula pakokha sikutanthauza kuti dzina lanu lachotsedwa pa mndandanda wa oyenera kudulidwa, ndipo madzi akadulidwa pamabweranso ndalama yolumikizira. Nzeru ndi kulipira ndalama imene mumalipira masiku onse, monga K17,500 m'chitsanzo chathu, n'kulemba m'kalata muja kuti mwalipira gawo lomwe simukulitsutsa. Kenaka pemphani kuti akulembereni kuti sadula madzi kufikira nkhaniyo itatha. Ndalama iliyonse idutse njira zovomerezeka zolipirira ndipo ikhale ndi lisiti. Munthu wobwera pakhomo n'kulonjeza kuti "akonza" bilu mukampatsa kangachepe m'manja akukuikani m'mavuto awiri, chifukwa ngongole idzakhalapobe ndipo inu mudzakhala mwachita ziphuphu. Musakhudzenso kawaya ka chidindo ka pamita, ngakhale mutakhulupirira kuti mitayo ndi yoonongeka. Chidindo chikaduka, nkhani imachoka pa bilu yolakwika n'kukhala ya kuba madzi.

Okhala m'nyumba za lendi ali ndi chopinga china. Akaunti imakhala m'dzina la mwini nyumba, ndipo ku ofesi akhoza kufuna kuti iyeyo ndiye asaine dandaulo. Yang'ananinso mzere wa ngongole yochokera m'mbuyo, chifukwa nthawi zina bilu imaoneka yaikulu kaamba ka ngongole ya amene adatuluka m'nyumbamo, pamene mayunitsi a mwezi uno ali bwinobwino. Imeneyo ndi nkhani ya inu ndi eni nyumba. N'chifukwa chake tsiku lolowa m'nyumba ndi bwino kujambula mita eni akewo ali pomwepo.

Bilu yotsatira ikabwera isanakonzedwe, lemberani mkulu wa ofesi ya dera lanu, kenaka likulu la bungwelo, mukutchula nambala ya dandaulo ndi tsiku la chidindo chija. Zikakanika kumeneko, pali bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula, komanso ofesi ya Ombudsman, yomwe imaunika madandaulo okhudza kusayendetsa bwino ntchito m'mabungwe a boma. Bungwe loima palokha la Consumers Association of Malawi nalonso limalankhulira ogula. Konseko funso loyamba lidzakhala lakuti kodi mudayamba mwadandaula kwa eni ake, ndipo kalata yodindidwa ija ndiyo yankho lake.

Kumbali ya magetsi, nyumba zambiri za m'tauni tsopano zili pa mita zogulira mayunitsi a Escom pasadakhale, choncho bilu yongoyerekeza yatsalira kwa okhawo amene adakali pa mita zakale. Kwa iwowa njira ndi yomweyi: werengani mita, fanizani ndi bilu, werengerani mayunitsi a patsiku kuchokera pa nambala yodalirika yomaliza. Dandaulo likakanika ku Escom limapita ku bungwe la Mera, lomwe limayang'anira ntchito za mphamvu.

Mabungwe a madzi nawonso akhala akuika mita zolipiriratu m'madera ena, ndipo pa mita zimenezi palibe kuyerekeza. Koma amene akusinthiridwa mita asamale ndi tsiku losinthalo. Ngongole ya pa akaunti yakale siifa ndi mita yakale; imatha kusamutsidwa n'kumadulidwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse pogula mayunitsi. Ngati m'ngongolemo muli mayunitsi 55 ongoyerekeza aja, ndipo mita yakale yanyamulidwa popanda wolemba nambala yake yomaliza, umboni wanu wapita nayo. Ijambuleni isanamasulidwe, ndipo amene abwera kudzaichotsa alembe nambalayo pa pepala limene nonse musaine.